Zikomo nonse amene munakwera nafe phiri Loweruka

Miyendo ikuwawabe, koma ndaona kuti ndisachedwe kuthokoza. Loweruka tinadzala mitengo 1,200 m'mbali mwa khwawa lija lotsika kuchokera m'phiri la Soche, pamwamba pa nyumba zathu. Amene munali kuno m'Malichi 2023, Namondwe Freddy atatsitsa matope ndi miyala usiku, mukudziwa chifukwa chake tinasankha malo amenewo. Sindibwereza.

Ndiyambe ndi amene sanaoneke pa zithunzi. Gogo Nabanda ndi amayi anzawo asanu ndi mmodzi a banki mkhonde ndi amene anafesa mbande mu Ogasiti. Anathira dothi m'machubu limodzilimodzi, kuthirira m'mawa ndi madzulo dzuwa la Okutobala lonse lija, madzi ake ochita kugula pa kiyosiki. Mbuzi zitathyola mpanda wa nazale, gogo anagona pomwepo masiku awiri, ndodo ili pambali. Ine ndinamva nkhaniyi patapita sabata, ndipo sanandiuze ndi iwo ayi. Mbawa iliyonse imene munanyamula ija inadutsa m'manja mwawo. Gogo, Mulungu akusungeni.

Anyamata a kabaza a pasiteji, ine ndinkaganiza kuti mubwera atatu. Munabwera khumi ndi anayi, mwasiya makasitomala a Loweruka m'mawa, nthawi imene ndalama imakhala. Njinga zinafika pamene msewu wathera, kuchokera pamenepo mbande zinakwera pamutu, mu mabeseni, ndi pa mawilibala awiri amene a Phiri a hadiweya anatibwereka pamodzi ndi makasu 30. A Phiri, makasu abwerera 29. Limodzilo tikulifunafunabe, musadere nkhawa.

Aphunzitsi a ku pulayimale anabwera ndi ana a Sitandade 7. Mtsikana wina, wamng'ono kuposa khasu lakelo, anandiimitsa ndili pafupi kukwirira mbande ndi chubu chake chomwe. Akuti, "Ankolo, pulasitikiyo chotsani kaye, mizu idutsa pati?" Anthu anaseka, ine manyazi. Aphunzitsi, ana amenewa mwawaphunzitsa bwino.

Alangizi a zankhalango anayenda nafe tsiku lonse. Ndiwo anatiletsa kudzala bulugamu pafupi ndi madzi, chifukwa amamwa kwambiri. M'malo mwake mphepete mwenimweni mwa khwawa tinaikamo nsungwi ndi katope, mbawa ndi mtangatanga chakumtunda, ndipo m'mizere yopingasa tinadzalamo vetiva woti agwire dothi mitengo isanakule. Zikomo bambo, komanso pepani chifukwa cha nsapato zija.

Za m'mimba tsopano. A Mwale a chigayo anapereka matumba awiri a chimanga n'kugaya okha ulere. Mai a Chikondi ndi gulu lawo la kwaya anayatsa moto 4 koloko m'mawa, ndipo thobwa linali lokwana mpaka ongodutsa ndi njira anamwa nawo. Nyemba zinachokera ku mzikiti, shuga ndi mafuta ku mipingo iwiri ya m'dera lathu. Nkhuni sitinagwiritse ntchito; tinaphikira zitsononkho ndi utuchi wochokera kwa a Gondwe akalipentala, poti zikanachititsa manyazi kudula mtengo pa tsiku lodzala mitengo.

Abale athu a ku Joni ndi ku Lilongwe, ndalama zanu zinafika, zonse pamodzi K385,000. Mmodzi wa inu anati tisamutchule dzina, ndiye sitimutchula, koma theka la ndalamayo ndi lake. Tagulira machubu, zingwe ndi ndiwo, ndipo yatsala K41,500 ili ndi msungichuma. Malisiti onse ali kwa iwo, aliyense wofuna kuona apite, palibe chobisa.

Amfumu, zikomo potipatsa malo ndi kulankhula mosapsatira za makala. Mawu aja ena sanawakonde, koma anayenera kunenedwa pagulu.

Tinalipo anthu oposa 200, choncho ndikudziwa kuti ena sindinawatchule. Amene munakumba maenje mvula ikuwaza, amene munasunga ana a anzanu kunyumba kuti iwo akwere phiri, mundikhululukire. Wina akandikumbutsa dzina ndiliwonjezera.

Zatsala mbande 150 ku nazale zolowetsa m'malo mwa zimene zife. Nyengo yodzala mitengo imatha pa 15 Epulo, choncho tisazengereze. Tikumana Loweruka lachiwiri la mwezi wamawa, 6 koloko m'mawa pa mjigo, kukapalira ndi kuwerenga zimene zaphuka. Eni mbuzi, chonde mangirirani.

Kwa ine kuli ambulera yakuda, jombo imodzi ya kumanzere ndi chitenje chobiriwira chimene wina anamangira mbande. Eni ake abwere adzatenge.

Wapampando wa komiti, m'malo mwa anzanga onse