Statikisi, Chaka Choyamba: Katundu Wolendewera pa Zingwe Ziwiri

Pepala ili ndi la phunziro la Lachiwiri. Mubwere ndi kakyuleta, lula ndi pensulo.

Lamulo lake ndi loyamba lija la Isaac Newton la mu 1687: chinthu chikakhala chili phee, mafosi onse amene akuchikoka kapena kuchikankha akaphatikizidwa amapereka ziro. Poti tikugwira ntchito papepala lafulati, lamuloli litipatsa maikweshoni awiri okha, ΣFx = 0 ndi ΣFy = 0. Choncho zosadziwika zisapose ziwiri. Chinthucho tikuchitenga ngati patiko, ndipo tikati patiko sitikunena kanthu kakang'ono ayi, tikunena kuti mafosi onse akukumana pamalo amodzi.

Funso

Pamalo ena omanga nyumba ku Chirimba, amisiri apachika thumba la simenti la makilogalamu 50 pa mphete yachitsulo A. Mpheteyo yagwiridwa ndi zingwe ziwiri. Chingwe AB chakwera chakumanzere pa madigiri 30 kuchokera pamzere wopingasa, AC chakwera chakumanja pa madigiri 45. Pezani tenshoni, fosi yokoka ya m'chingwe, ya chingwe chilichonse. Kulemera kwa zingwe ndi mphete musakuwerengere.

Kayankhidwe

Musathamangire kakyuleta. Jambulani kaye kadontho, kameneko ndiye A, ndipo mutulutsepo mivi itatu: umodzi woloza pansi, iwiri yotsata zingwe. Khoma, njanji, mmisiri, zonsezo zisiyeni kunja. Mivi ya zingwe iziloza kuchoka pa A, chifukwa chingwe chimakoka basi. Munayamba mwakankhapo mbuzi ndi chingwe?

Kulemera kwa thumba:

W = mg = 50 × 9.81 = 490.5 N

Chaka chilichonse ena amalemba 50 pa muvi woloza pansi. Makilogalamu si fosi. Mukatero zonse zam'munsi zagwa, ngakhale masamu ake atayenda bwino.

Mopingasa, kumanja kukhale +:

T_AC cos 45° − T_AB cos 30° = 0
T_AC = (0.8660 ÷ 0.7071) T_AB = 1.2247 T_AB

Moimirira, kumwamba kukhale +:

T_AB sin 30° + T_AC sin 45° − 490.5 = 0
0.5 T_AB + (1.2247 × 0.7071) T_AB = 490.5
1.3660 T_AB = 490.5

T_AB = 359.1 N
T_AC = 1.2247 × 359.1 = 439.8 N

Imani kaye apa, muziyang'ane nambalazi. Chingwe cha madigiri 45, choimirirapo, ndicho chasenza kwambiri. Ndipo mukaphatikiza 359.1 ndi 439.8 mupeza pafupifupi 799, pomwe thumba likulemera manyutoni 490.5 okha. Sitinalakwitse. Zingwe zikugwira ntchito ziwiri: zikunyamula thumba, komanso zikulimbana zokhazokha, china kukokera kumanzere china kumanja. Kukokana kopingasako ndi manyutoni 311 mbali iliyonse, ndipo sikunyamula kanthu ngakhale pang'ono.

Kutsimikiza yankho

Pamene mafosi ali atatu okha, lamulo la Lami limathandiza: fosi iliyonse mukaigawa ndi sin ya ango ya pakati pa mafosi ena awiriwo, yankho limakhala limodzimodzi. Pakati pa zingwe pali madigiri 105, pakati pa AB ndi W pali 120, pakati pa AC ndi W pali 135.

490.5 ÷ sin 105° = 507.8
T_AB = 507.8 × sin 135° = 359.1 N
T_AC = 507.8 × sin 120° = 439.8 N

Zagwirizana. Komabe ine sindikonda kuti muzolowere njira imeneyi, chifukwa fosi yachinayi ikangobwera, Lami wakuthawani. Muziigwiritsa ntchito pochongera basi.

Zingwe zikakungika kwambiri

Tiyerekeze kuti mmisiri wina, pofuna kuti ntchito ioneke yaudongo, wakunga zingwe zonse ziwiri mpaka ango yatsala madigiri 5 mbali iliyonse. Pamenepo

T = 490.5 ÷ (2 sin 5°) = 2814 N

Thumba ndi lomwe lija, koma chingwe chilichonse chikukokedwa kuposa kasanu kulemera kwake. Ango ikamayandikira ziro, sin imachepa, tenshoni n'kumakwera popanda malire. N'chifukwa chake waya woyanikira zovala wokungika kwambiri amazula msomali mukangoyanikapo bulangete lonyowa. Potuluka pano muyang'anenso mawaya a magetsi mumsewu wa Masauko Chipembere: onse ndi ogwera pakati, palibe wowongoka ngati lula.

Za kakyuleta: onetsetsani kuti pagalasi palembedwa DEG, osati RAD. Yesani sin 30. Ikakupatsani 0.5 muli bwino, ikakupatsani −0.988 isintheni musanalembe kalikonse.

Ntchito yokachita

Makaniko wa ku Ndirande wapachika injini ya makilogalamu 120 pa matcheni awiri, lina pa madigiri 40, linzake pa madigiri 60 kuchokera pamzere wopingasa. Jambulani chithunzi cha mafosi, pezani matenshoni onse awiri, kenako mutsimikize ndi Lami. Muyenera kupeza 597.7 N ndi 915.7 N, koma kuti iti ndi ya tcheni liti, munene ndinu, ndi chifukwa chake. Ngati tcheni lililonse limapirira manyutoni 900 okha, injiniyo ipachikidwe kapena ayi?

Mupereke Lachisanu isanakwane 12 koloko masana. Pepala lopanda chithunzi sindichonga.