Za lipoti la naiti ya dzulo, wodi ya amayi

Sisita, mwadzuka bwanji, ndikudziwa mwatopa ndiye muwerenge mukapuma, koma nkhaniyi sindimafuna igone. Mmawa nthawi ya handova sindinafune kuyankhula pagulu nchifukwa chake ndikulemba pano.

Choyamba ndi bedi 7, amayi a shuga aja. Mulipoti mwalemba kuti "agona bwino, palibe vuto". Koma gadiyani wawo ndi amene watiuza kuti cha m'ma 4 koloko m'bandakucha anayamba kutuluka thukuta, kunjenjemera, mawu osamveka, inuyo munawayeza nkupeza shuga ili pa 3.1 ndiye munawapatsa gulukosi nkukhala bwino. Zimene munachitazo nzolondola ndithu, ndikuthokoza, koma sizikupezeka pena paliponse, patchati ayi, mufayilo ayi, pakamwa ayinso. Nesi wa mmawa anali atakoka kale insulini yawo ya masiku onse musirinji, akanapanda gadiyaniyo kuyankhula bwenzi atabaya munthu woti maola atatu apitawo shuga inali pansi pa 4, kudya sanadye, adokotala osadziwa kalikonse kuti mwina dozi isinthidwe. Ine mtima unangoti phwii. Shuga ikatsika timalemba nambala, nthawi, chimene tapereka, kenako kuyezanso pakatha mphindi 15 nkulembanso nambala yachiwiriyo. Mwina munayezanso, sindikukana, koma papepala palibe ndiye ife tiziona bwanji?

Bedi 12 aja a opaleshoni ya dzana mwalemba "katheta ikuyenda". Ikuyenda zingati? Ndapeza pa tchati cha madzi kuti usiku onse maola 12 mkodzo unatuluka 180 ml basi, munthu wa makilo 60 timayembekezera osachepera 30 ml pa ola, kutanthauza 360 ml pa shifiti yanu. Theka lokha limenelo. Nambalayo munailemba nokha ndi dzanja lanu koma simunaitenge kupita nayo mulipoti, komanso bipi yawo yomaliza ndi ya 10 koloko usiku. Ndawaitana adokotala, awonjezera diripi, tikuyang'anira ola lililonse.

Kwinako ndi timabokosi topanda kanthu pa tchati cha mankhwala. Bedi 3 jakisoni wa sefitiriyakisoni wa 10 koloko sanasainidwe. Odwala akuti kanyula inatupa munaichotsa ndipo msempha unavuta kupeza, zimachitika zimenezo, ngakhale ife akalekale misempha ina imatikana. Koma kabokosi kopanda kanthu sikanena ngati mankhwala anaperekedwa nkuiwala kusaina kapena sanaperekedwe nkomwe, ndiye wobwerayo amangoima kakasi, abaye kapena asabaye. Mukanangolemba kuti sanalandire, chifukwa kanyula yatuluka, ndauza uje nthawi yakuti, zikanatha pompo. Bedi 9 nawo magazi painti yachiwiri ikudikira ku labu, talidziwa chifukwa a ku labu anaimba kufunsa kuti bwanji simukudzatenga.

Ndaona kuti zimene mwamaliza mumazilemba bwino kwambiri, zolemba zanu zimawerengeka (zanga anthu amadandaula mpaka pano), mabala onse amene munatsuka alipo, odwala awiri atsopano mwawalemba mwadongosolo. Zimene zimasowa ndi zomwe sizinatheke kapena zomwe zatsala panjira, ngati mumachita nazo manyazi. Musamaope. Munali anthu awiri okha pa odwala 28, palibe angakufunseni chifukwa chani simunamalize zonse, koma wolandira shifiti amafuna kwambiri zotsalazo kuposa zomwe zatha, poti ndi zimene akuyenera kuyambira. Mawu oti "ali bwino" mundichepetsereko, m'malo mwake ikani bipi, kutentha kwa thupi, kugunda kwa mtima, kapumidwe, okosijeni ndi nthawi yomwe mwayeza.

Chimene ine ndimachita, kapepala mthumba usiku onse, chilichonse chachilendo ndimalemba pomwepo ndi nthawi yake, ikamakwana 6 koloko ndimakhala pansi ndi matchati nkuyenda bedi ndi bedi, munthuyu wabwera ndi chani, chasintha nchani usikuwu, ndachitapo chani, chatsala nchani. Kapepalako kamang'ambidwa pomaliza chifukwa kali ndi zinsinsi za odwala.

Mukabwera madzulo ano mufike ko mphindi 20 nthawi isanakwane, ndidikira. Za bedi 7 ndi bedi 3 mulembe mufayilo ngati zolemba mochedwa, tsiku ndi nthawi ya lero, nkutchula nthawi yomwe zinachitikadi, musaine. Osafufuta kapena kupanikiza mawu pakati pa mizere ya dzulo chonde. Fomu ya insidenti ya dozi yodumphayo tilembera limodzi, si chilango, nanenso ndisainapo. Handova ya mawa mmawa tidzachitira pabedi pa odwala, inu kutsogolo ine pambali.

Ndine intchaji wanu wa shifiti ya mmawa