Uthenga wa Tsiku Lobadwa kwa Agogo Anachisale

Agogo athu okondedwa, ndine Tiyamike, mdzukulu wanu wa ku Zingwangwa kuno ku Blantyre, ndipo ndapempha amalume kuti akuwerengereni mawuwa pafoni pang'onopang'ono, popeza ine ndili ku ntchito mpaka usiku.

Lero mwakwanitsa zaka 86, ndipo tonse kuno tikuthokoza Mulungu amene wakusungani kufikira mwaona zidzukulutudzi. Sindiiwala chaka cha njala cha 2002, pamene munkatiphikira phala la mgaiwa m'kamphika kakang'ono kaja, n'kumatiuza kuti inu mwadya kale, chonsecho simunalawe kanthu tsiku lonse. Ndinazindikira zimenezi nditakula, agogo, ndipo mpaka lero ndikakumbukira misozi imalengeza m'maso. Sukulu imene ndinaphunzirayi inachokera m'manja mwanu, m'mandasi amene munkagulitsa pamsika wa Limbe.

Ndatumiza chitenje, shuga ndi mafuta odzola kudzera kwa amalume, ndipo Loweruka likubwerali ndibwera ndi ana kudzakuonani. Chonde musaleke kumwa mankhwala a miyendo aja.

Ambuye akupatseni mphamvu ndi masiku ena ambiri, agogo anga.

Ndine mdzukulu wanu,
Tiyamike