Buku la mwezi uno: Nervous Conditions, nkhani ya fizi ndi mtengo wake

Anzanga, amene mumalidutsa buku ili mu layibulale poganiza kuti ndi la mayeso basi, mukudzimana zinthu. Analemba ndi Tsitsi Dangarembga, mayi wobadwira ku Mutoko mu 1959, ndipo linatuluka mu 1988. Ndi novelo yoyamba ya m'Chingerezi kusindikizidwa yolembedwa ndi mkazi wakuda wa muno mu Zimbabwe, ndiye chaka chotsatira linapambananso mphoto ya Commonwealth ya chigawo cha Afirika. Koma za mphotozo tisiyire aphunzitsi, ine ndikufuna ndikuuzeni chifukwa chake likutikhudza ife amene fizi amatilipirira ndi achibale.

Wofotokoza nkhani ndi Tambudzai, mwachidule Tambu, mtsikana wa kumudzi kufupi ndi Umtali, amene lero ndi Mutare, nthawi imene dziko lino linkatchedwa Rhodesia. Pa tsamba loyamba lenilenilo akutiuza kuti mchimwene wake Nhamo atamwalira iye sizinamudandaulitse. Eee, ukawerenga pamenepo umayamba wadzifunsa kuti mwana ameneyu ndi mfiti kapena chani. Koma pitirirani pang'ono mumumvetsa. Ndalama zitachepa pakhomo amene anamusiyitsa sukulu ndi Tambu, Nhamo anapitiriza chifukwa ndi mnyamata, ndipo bambo awo a Jeremiah anachita kumufunsa mtsikanayo ngati mabuku adzaphikira mwamuna wake kuti adye.

Gawo limene ndinalikonda kuposa onse ndi la chimanga. Tambu akupempha mbewu, akulima kamunda kake yekha, kudzuka mbandakucha kukatunga madzi kaye kenako khasu, kuti agulitse mondokwa apeze fizi. Chimanga chikangoyamba kukhwima chikuyamba kusowa m'munda, kumadzatulukira kuti wakuba ndi Nhamo yemweyo, akumathyola n'kumagawira anzake. Tambu anamulumphira pa bwalo anthu akuona, ndipo kunena zoona ine ndinali mbali yake. Kenako mphunzitsi wina, a Matimba, anamutengera ku tawuni kukagulitsa chotsalacho, mzimayi wachizungu wokalamba n'kupereka mapaundi 10. Apa wolemba anachenjera kwambiri chifukwa mzimayiyo sanagule chimanga ayi, anapereka ndalamayo a Matimba atamukometsera nkhani kuti mwanayu ndi wamasiye pamene makolo ake ali moyo. Ndiye thukuta lonse lija fizi inabwera chifukwa cha chisoni cha munthu wina. Pakhomo napo a Jeremiah anayamba kulimbana nazo kuti ndalamazo ndi zawo poti mwana ndi wawo!

Nhamo anamwalira mu 1968, Tambu ali ndi zaka 13, mpamene mwayi wopita ku sukulu ya mishoni kumene Nhamoyo ankaphunzira unamugwera. Womutenga ndi Babamukuru, mkulu wawo wa bambo ake, hedimasitala wophunzira mpaka ku Ingalande, amene banja lonse limamugwadira. Kwa ife Achewa mwina udindo woterewu tinauzolowera kwa amalume, mwini mbumba, koma munthuyo ndi yemweyo, tonse tikumudziwa. Ndi uja akafika pakhomo ndi galimoto aliyense amasintha mayankhulidwe, amafunsa lipoti la sukulu asanakhale n'komwe pansi. Chimene chandisangalatsa n'choti bukuli silinamupange kukhala chilombo. Bamboyu amagwira ntchito usiku ndi usana, amadyetsa mudzi wonse, popanda iye Tambu akanathera kumunda. Koma thandizo lake limabwera ndi lamulo losalembedwa, loti ukadya zake pakamwa utseke. Mkazi wake Maiguru ali ndi digiri ya masitazi ngati iye yemwe koma malipiro ake sawagwira m'manja, ndipo palibe amene amatchulako za maphunziro akewo.

Ndiye pali Nyasha, mwana wamkazi wa Babamukuru, amene anakhala zaka 5 ku Ingalande n'kubwerako Chishona chitamuthawa. Anzake pasukulu amati ndi wonyada, makolo ake amati ndi wamwano, iye ali pakati sakudziwa kwawo n'kuti. Apa ndinaima kaye, chifukwa ambiri a ife a ku Mbare, Mufakose kapena Highfield amene agogo athu anachokera ku Malawi timazidziwa izi, kuno amatiuza kuti kwanu ndi uko, ukakwera basi kupita kumudzi nakonso akuseka Chichewa chako kuti chasakanikirana ndi Chishona. Bukuli silikamba za ife ayi, musakalitsegule mukuyembekeza zimenezo, koma Nyasha ndinamumva ngati mnzanga wa desiki imodzi. Usiku wina wa dansi, atachedwa panja akucheza ndi mnyamata, bambo ake anamutchula dzina lonyansa n'kumumenya, iye anabwezera chibakera. Ndi malo ovuta kuwerenga ndipo sindikuuzani kuti mukachite zomwezo kunyumba, chonde.

Tambu yekha kukula kwake kumayenda pang'onopang'ono, mwina mpaka kukutopetsa. Atafika ku mishoni anangoti kakasi ndi nyumba, mipando, bafa, mpaka anayamba kuona ngati kwawo n'kochititsa manyazi, zomwe ankamuda nazo Nhamo zija. Anadzatsegula pakamwa pamene Babamukuru analamula kuti makolo ake achite ukwati wa kutchalitchi atakula kale ndi ana, eti kuti achotse tsoka m'banja. Tambu anaona kuti akuwasandutsa choseketsa, anakana kupita, ndipo analandira zikoti 15 kuwonjeza masabata awiri ogwira ntchito za wantchito wa m'nyumba. Kukana kwake n'kochepa, sanalalate, sanathawe, anangoti sindipita, koma kwa mwana amene fizi yake ili m'thumba la munthu yemweyo si zamasewera.

Zofooka zilipo. Chingerezi chake n'cholemera, ziganizo zina zitalizitali moti dikishonale ikhale pafupi, komanso pakati paja pa msonkhano wa banja wa pa Khirisimasi wokamba za Lucia, mng'ono wa mayi ake a Tambu, ndi Takesure, wachibale amene anamupatsa mimba, mayina amachuluka ukhoza kusokonezeka kuti uyu ndi ndani wa ndani. Ngakhale Lucia yekhayo ndi moto, mayi wosaopa munthu, akalowa iye umaseka ndithu. Chinanso, nkhondo ya ufulu inali ikuyamba nthawi imeneyo koma m'bukuli simveka kwenikweni, amene mumakonda za mfuti mukhumudwa. Anyamata ena a m'kalasi mwathu akuti ndi buku la atsikana. Iwowo ndi amene akufunika kuwerenga za Nhamo kawiri.

Mathero sindiulula onse, kungoti Tambu akupambana mayeso n'kupita ku sukulu ya masisitere ya Sacred Heart kumene atsikana akuda anawapanikiza m'chipinda chimodzi, pamene Nyasha akudwala matenda okana chakudya, kudya n'kukasanza mobisa, dokotala wina wachizungu n'kumati munthu wakuda sadwala zoterozo. Mayi ake a Tambu amaloza chala Chingerezi ndi chizungu chonse kuti n'chimene chikudya ana. Kaya akunena zoona kaya ndi mantha a kholo chabe, tidzakangane Lachitatu ku kalabu ya zowerenga, ine ndili ndi mbali yanga kale.

Amene mutengeke nayo nkhaniyi, inapitirira m'mabuku ena awiri, The Book of Not la 2006 ndi This Mournable Body la 2018, la 2018 limeneli linafika pa mndandanda womaliza wa mphoto ya Booker mu 2020. Mu layibulale yathu makope a loyambali ndi ochepa ndipo ina masamba akumapeto anathothoka, ndiye yang'anani kaye kumbuyo musanasayinire, komanso amene mwakhala nalo chiyambire temu yatha bwezani, a Fomu 3 akulidikira.