Ndandanda ya a Mbewe

Nkhani ya kuchotsedwa kwa a Mbewe tinaimva Lolemba m'mawa, titaima pakhomo la weyahausi ku Makata, manejala wochokera ku hedi ofesi ali ndi laputopu m'manja. Anayankhula zambiri, za kukwera mtengo kwa dizilo, za kugwa kwa kwacha kwa mu Novembala 2023 kuja komwe mpaka pano kampani sinadzukebe, kenako nkuti kuyambira mwezi wa mawa ndandanda ya madalaivala ndi olongeza katundu izipangidwa ndi sisitimu, aliyense azilandira shifiti yake pa foni. A Mbewe anali pompo, manja kumbuyo, akuyang'ana matayala a thiraki ngati nkhaniyo ndi ya munthu wina.

Ine ndine kalaliki, ntchito yanga ndi madelivale noti, mainvoisi, kulemba amene walowa ndi amene watuluka. Desiki yanga inali moyang'anana ndi yawo ndiye zonse ndimaziona. Zaka 19 akugawa maulendo ndi buku lachikuto cholimba ndi pensulo, Lachisanu masana amakopera pa bolodi ndi choko, uyu Mzuzu, uyu Nsanje, awa atsale m'tauni. Ndipo chowawa kwambiri nchakuti masabata awiri awo omaliza anawauza kuti akhale nane tizilowetsa zonse mu kompyuta. Iwo akuwerenga ine ndikutaipa, dzina la dalaivala, laisensi, nambala ya galimoto, matani. Penapake amaima, nkuloza kachizindikiro m'mphepete mwa dzina la munthu, nkufunsa kuti "Chisomo mwanawe, ichi chili ndi polowera?" Ndimayang'ana pa sikirini, palibe. Amangoti chabwino tiyeni kutsogolo.

Tsiku lomaliza tinasonkha ndalama tinawagulira suti ndi nkhuku ziwiri. Buku lija anapita nalo.

Ndinene chilungamo, mwezi woyamba anthu ambiri anasangalala. A Mbewe anali munthu wabwino koma anali ndi anthu awo, ulendo wa Mzuzu kapena Karonga umene uli ndi alawansi yogona umagwera madala omwewo anayamba nawo limodzi ntchito, anyamata ngati Yohane amangozungulira Limbe, Ndirande, Bangwe, kubwera madzulo thumba lili gwa. Sisitimu sidziwa kuti uyu tinamwera limodzi tiyi, imagawa mofanana basi. Yohane atapita ku Karonga koyamba anabwera ndi mpunga wa kilombero thumba lathunthu, akuvina pa geti, akuti bwana watsopanoyu ndiye dilu. Dzina linakhala lomwelo, bwana watsopano. Meseji imalowa 6 koloko madzulo, mafoni onse kulira nthawi imodzi, aliyense kuwerama.

Mavuto anayamba pang'onopang'ono. Sisitimu imawerenga makilomita, siidziwa kuti thiraki yodzaza shuga potsika mapiri a ku Chikwawa imayenda ngati nkhalamba, siidziwa kuti pa Chiweta mvula ikagwa umadikira, kapena kuti tsiku lonse likhoza kuthera pa mzere wa dizilo. Munthu akachedwa imamudula mapointi. A Jafali anaikidwa ulendo wa Mwanza Lachisanu nthawi ya Juma, a Kachingwe amene ndi a Sabata anaikidwa ulendo Loweruka katatu kotsatizana. Onsewa amabwera kwa ine poti ndine ndili pafupi ndi kompyuta. "Achemwali tatikonzerani." Ine ndikadina, chimatuluka ndi `Override denied`. Ndikaimba ku hedi ofesi amati lembani imelo, ndikalemba imelo yankho limabwera ulendo utapita kale.

Koma nkhani imene inandisowetsa tulo ndi ya a Lameki. Bambo ofatsa, osamwa, zaka 11 osagundapo ngakhale mbuzi. Lachiwiri loyamba la mwezi sisitimu inawapatsa Karonga, sanabwere. Mwezi wotsatira Lachiwiri loyamba inawapatsa Mangochi, sanabwerenso, foni yozimitsa. Lachitatu m'mawa ndikungoyatsa kompyuta ndinapeza kalata ya chenjezo yalembedwa kale yokha, dzina lawo, madeti, pansi pake mawu akuti ndipulinte ndiwasainitse. Kalata yachitatu ikatuluka ndiye kuti ntchito yatha.

Ndinawaitana. Anawerenga, anasaina osafunsa kanthu, cholembera chikunjenjemera pang'ono.

"Bambo Lameki, chikuchitika nchiyani?"

"Palibe mayi. A Mbewe amadziwa."

Basi anatuluka.

Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Chirimba, ndinatsika pa msika nkukwera kabaza mpaka kwa a Mbewe. Ndinawapeza kuseri kwa nyumba atavala ovolosi yakale ya kampani, akuthira madeya m'khola la nkhuku, anali atayamba kuweta mabuloila ndi ndalama zimene anawapatsa powachotsa. Mayi a kunyumba anandiyalira mkeka, anabweretsa thobwa. Titapatsana moni ndinafotokoza zonse, za a Jafali, za a Kachingwe, kenako za a Lameki.

Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako analowa m'nyumba natuluka ndi buku lija, anatsegula tsamba lina nkundipatsa. Pa dzina la a Jafali panali kamwezi, pa a Kachingwe chilembo S, pa dzina lina panalembedwa kuti "usiku ayi, maso". Pa a Lameki panali kadontho kamodzi kokha, mwezi ndi mwezi, Lachiwiri loyamba, kubwerera m'mbuyo zaka zisanu ndi chimodzi.

"Kadonthoka nkachiyani bwana?"

"Ubwana unatha mwanawe, ndine woweta nkhuku," anaseka pang'ono. "Chimenecho si changa chokuuza. Munthu anandiuza ine titakhala pa tayala kuseri kwa garaja, sanauze kampani. Ukafuna kudziwa ukamufunse mwini wake, koma usakamufunsire pa desiki."

Ndinawafunsa ngati sizikuwapweteka mtima. Anati zikupweteka, makamaka m'mawa 5 koloko akadzuka nkukumbukira kuti palibe kopita. Anatinso za Yohane anamva, ndipo mnyamatayo sanalakwe kusangalala, maulendo a alawansi aja iwo amayenera kumagawa bwino. Bukulo anandipatsa, anati kuno lingodyedwa ndi chiswe.

Lolemba nthawi ya lanchi ndinagula chipisi cha awiri pa chiwaya cha pa geti, ndinapita kumene a Lameki amatsuka thiraki yawo. Tinadya osayankhula, kenako anayamba okha. Mwana wawo wamkazi wa zaka 9 amagwa khunyu. Lachiwiri loyamba la mwezi ndi tsiku lake lokaonana ndi adokotala ndi kulandira mankhwala ku Queens, mayi ake anamwalira, agogo ake sangathe kumunyamula akagwa mu minibasi. Ndiye amapita naye okha.

Ndinawauza kuti mu sisitimu muli polemba kuti munthu sapezeka tsiku lakuti, `Unavailable`, koma pamafunika chifukwa ndi kalata ya kuchipatala, zonse zimapita ku hedi ofesi.

Anapukusa mutu. "Mayi, mukalemba khunyu pa dzina langa, amene akawerenge kumeneko sakaona kuti ndi mwana. Akangoona dalaivala ndi khunyu. Ndipo mwana wanga anamuseka kale mokwanira kusukulu, sindikufuna dzina lake liziyenda m'makompyuta."

Sindinawakakamize. Usiku umenewo magetsi atazima ndinakhala ndi foni ndikuwerenga kabuku ka malangizo ka sisitimu kamene anatitumizira pa WhatsApp tsiku loyamba, kamene palibe anakatsegulapo, ine ndemwe. Chakumapeto ndinapeza kuti madalaivala awiri a laisensi yofanana akhoza kusinthana ulendo popanda kupereka chifukwa, bola onse adine `Accept swap` isanakwane 8 koloko usiku. Maola awiri okha kuchokera pamene meseji yalowa.

Nde ntchito yanga yeniyeni inayamba kumayambika ndikaweruka. 6 koloko meseji ikalowa ndimatsegula buku la a Mbewe pa tebulo kunyumba, poto ali pa mbaula, nkuyamba kuimba. A Jafali atenge Loweruka la a Kachingwe, a Kachingwe atenge Lachisanu la a Jafali, amenewo sanavute, mpaka pano amatchulana kuti achimwene. Ena ndi ovuta, wina alibe bandulo ndimutumizire ka 500 pa Airtel Money, wina ali ku Zalewa netiweki ikuduladula, wina akufuna ndimulonjeze kuti ulendo wa Mzuzu ukadzatuluka adzamubwezera. Mayunitsi ndi anga. Mwamuna wanga anafika pofunsa kuti kodi anakukweza udindo osandiuza, ndinati ayi, malipiro ndi omwe aja a ukalaliki.

Lachiwiri loyamba la mwezi wachitatu sisitimu inawapatsanso a Lameki Karonga. Ndinaimbira Yohane.

"Sisi, Karonga? Ndi alawansi yake? Nanga iwowo akukaniranji?"

"Ali ndi zifukwa zawo. Utenga kapena ndiimbire wina?"

"Ndatenga kale, onani pa sikirini."

Kutha kwa kotala manejala uja anabweranso ndi laputopu yake, anationetsa magirafu, dizilo watsika, ovataimu yatsika, kujomba kwatsika mpaka ziro. Zinali zoona ndithu. Anthu anaomba m'manja. Atatha anabwera pa desiki yanga, anakhala pa mpando umene unali wa a Mbewe, nkunena kuti chinthu chimodzi chokha chikuwadabwitsa, depoti yathu ili ndi kusinthana 43 mwezi umodzi pamene madepoti ena sakufika ndi 5 pomwe, ndiye akuganiza zotseka batani limenelo chifukwa likusokoneza mapulani a sisitimu.

Mtima unagunda koma ndinayankhula. Ndinati bwana, kujomba kwafika pa ziro chifukwa cha 43 ameneyo, mukatseka mukonzekere makalata a chenjezo ndi kutaya madalaivala abwino. Anafunsa kuti akusinthana chifukwa chiyani. Ndinati zina ndi za mapemphero, zina ndi za kunyumba zimene eni ake sanandilole kunena. Anayang'ana buku lija lili pambali pa kiyibodi, anafuna kulitsegula, ndinaika dzanja pamwamba nkunena mwaulemu kuti ili si la kampani, ndinapatsidwa ndi munthu.

Sanakwiye. Anakanda m'mutu, anati batani alisiya kaye mpaka kotala inayo, ndipo ngati ndili ndi maganizo ndilembe imelo.

Ndinalemba madzulo omwewo ndisanaweruke. Ndinapempha zinthu zitatu, kuti dalaivala aliyense aziloledwa tsiku limodzi pamwezi losankha yekha popanda kufunsidwa chifukwa, kuti kalata ya chenjezo ya a Lameki ifufutidwe, komanso kuti ngati ntchito yoimba mafoni madzuloyi ikufunika ndiye ilembedwe pa kontirakiti yanga ndi ndalama yake ndi mayunitsi ake. Patatha masabata atatu anayankha chimodzi chokha, kalata ya a Lameki anaichotsa. Zinazo akuti akukambirana. Ndinapulinta yankholo nkukawapatsa a Lameki ku garaja, analiwerenga kawiri, analipinda nkuika m'thumba la shati, kenako anandifunsa ngati Yohane angavomerenso mwezi wa mawa kapena tiyambiretu kufufuza wina.