Dandaulo: mwandidula K1,350 pa ndalama yomwe sindinatape

Okondedwa a ofesi yothandiza makasitomala,

Ndikulemba uthengawu pa nambala yomwe ili ndi vutoli, yothera ndi 417. Ndikupempha kuti mundibwezere K1,350 yomwe munadula molakwika pa akaunti yanga.

Lachitatu pa 12 Malichi 2025 ndinapita kwa ejenti wanu kukatapa K45,000. Mu akaunti munali K118,600. Nditalowetsa nambala yachinsinsi, foni inangoima, kenako panabwera mawu akuti zalephereka. Ejenti anayang'ana foni yake ine ndikuona, ndipo ndalamayo sinafike kwa iye. Anati ndi vuto la netiweki, tiyesenso. Kachiwirika zinatheka ndipo anandipatsa K45,000 pamanja. Mauthenga awiri anafikira pamodzi nditachoka kale, onse osonyeza kuti mwadula.

Koyamba, 10:42 m'mawa, Trans ID CO250312.1042.B70316: K45,000 ndi ndalama yotapira K1,350. Apa sindinalandire kalikonse.
Kachiwiri, 10:49 m'mawa, Trans ID CO250312.1049.D21588: K45,000 ndi ndalama yotapira K1,350. Izi ndi zoona, sindikutsutsa.
Balansi inatsala K25,900 m'malo mwa K72,250.

Ndinaimba foni kwa inu tsiku lomwelo ndipo munandipatsa nambala ya dandaulo 5520981. Lachisanu pa 14 Malichi munabweza K45,000, ndipo ndikuthokoza. Koma balansi inafika K70,900 basi. Chotsani K70,900 pa K72,250, muona kuti yotsala ndi ndalama yotapira ya ulendo wolepherawo. Nditaimbanso, mayi yemwe anandiyankha anati dandaulo linatsekedwa ndipo ndalama yotapira sibwezedwa. Apa ndiye sindikumvetsa. Pobweza K45,000 ija munavomereza nokha kuti sindinatape ndalama nthawi ya 10:42. Nanga K1,350 ndikulipirira ntchito iti? Mwina kwa inu ndi yochepa, koma ndi yanga.

Umboni ndautumiza pamodzi ndi uthengawu. Pali zithunzi za mauthenga onse awiri odula ndalama ndi cha uthenga wobweza K45,000. Palinso chithunzi cha tsamba la buku la ejenti la tsikulo, chomwe ndinajambula iye atandilola: nambala yanga yalembedwa kamodzi kokha, ndipo siginecha yanga ndi imodzi. Mizere ya makasitomala ena ndaiphimba. Ejentiyo wati ngokonzeka kuchitira umboni mukamuimbira, ndipo nambala yake ya ejenti ikuoneka m'mauthengamo.

Chonde tsegulaninso dandaulo 5520981, mubweze K1,350 ku akaunti yomweyi, ndipo mundiyankhe molemba pofika Lachisanu pa 21 Malichi. Ngati mukukana, ndiuzeni ndime ya malamulo anu yomwe ikulola kudula ndalama yotapira pamene kutapako kwalephereka. Ndikapanda kumva chilichonse pofika tsikulo, ndikatula nkhaniyi ku nthambi yoona madandaulo a makasitomala ku Banki Yaikulu, pamodzi ndi umboni womwewu.

Zikomo,
Ine kasitomala wanu, mwini nambala yothera ndi 417