Kalata Yobweza Mawu Anga pa Ntchito ya Kalaliki wa za Ndalama

Chilomoni, Blantyre
14 Julayi 2025

Mayi Nyirenda,

Monga ndinakuuzani pafoni m'mawa uja, ndikulemba kuti nkhaniyi ikhalenso papepala: sindithanso kudzayamba ntchito ya kalaliki wa za ndalama ku ofesi yanu ku Kanengo pa 4 Ogasiti, ngakhale ndinavomera ndi kusayina pa 30 Juni. Ndabweza mawu amene ndinapereka ndekha, ndipo ndikupepesa kuchokera pansi pa mtima.

Sindikufuna kukunamizani za matenda kapena zovuta za kumudzi. Lachinayi lapitali ndinalandira kalata kuchokera ku kampani ina kuno ku Blantyre, kumene ndinayesedwa mu Meyi. Anakhala chete nthawi yaitali, moti pamene ndinkasayina kwa inu ndinali nditatayako mtima. Ntchitoyo ndi yokhazikika, pamene yanu ndi ya kontirakiti ya chaka chimodzi, komanso adzandilipirira mayeso a ICAM amene ndinawasiyira panjira chifukwa chosowa fizi. Chinanso, akazi anga amaphunzitsa konkuno, ndiye kubwera ku Lilongwe kukanatanthauza nyumba ziwiri za lendi ndi kuona ana kamodzi pamwezi. Ndasinkhasinkha masiku anayi. Ndinaona kuti kuyamba kwa inu mtima uli kwina, n'kudzachoka mutanditaya nthawi kundiphunzitsa, kukanakhala kukulakwirani koposa. Paja mapanga awiri avumbwitsa.

Dziwani kuti palibe chimene munandilakwira. Tsiku la mayeso basi inandichedwetsa pa Ntcheu, ndinafika thukuta lili kamukamu, koma inu munandipatsa madzi n'kunena kuti ndiyambe ndapuma. Titamaliza munandiyendetsa m'nkhokwe, pakati pa matumba a soya osanjikizana mpaka kudenga, n'kundionetsa tebulo la pawindo limene munati lidzakhala langa. Tebulo limenelo ndi limene landisowetsa tulo sabata ino.

Ndalama zosamukira K200,000 zimene munanditumizira sindinakhudzeko. Ndizibweza mawa ku akaunti imene zinachokera, ndipo risiti ndikutumizirani tsiku lomwelo. Ngati kontirakiti ija ikundimanga pa china chilichonse, kaya notisi kaya ndalama zimene munawononga pondiyitana, ndiuzeni ndikonze popanda kukokanakokana.

Ndikudziwa kuti masabata atatu ndi ochepa, makamaka ino nyengo yogula mbewu pamene mabuku amachuluka. N'chifukwa chake sindinafune kudikira ngakhale tsiku lina, kuti mwina amene anali wachiwiri pa mayeso aja akadapezekabe.

Mundiperekereko chipepeso changa kwa abwana a za ndalama, amene anandifunsa mafunso mwaulemu wonse. Ndikadzafika ku Lilongwe ndidzakonda kudzakupatsani moni pamaso, ngati mungandilole.

Ine wanu,
Madalitso Kamanga